Mmene mungakonzere tebulo lotambalala la Excel kuti likwane pa masamba a PDF ndi kuwerengeka bwino

Tebulo la Excel lilibe malire pa sikirini, chifukwa makolamu akachuluka munthu amangosunthira kumanja, koma tsamba la PDF lili ndi mulifupi woikika womwe sungatanuke. Pachifukwa chimenechi, amene akusandutsa tebulo lotambalala kukhala PDF kawirikawiri amagwa mu limodzi la mavuto awiri. Akapanda kusintha chilichonse, makolamu amamwazikana pa masamba angapo, mayina amatsalira patsamba loyamba pamene ziwerengero zawo zili patsamba lachinayi, ndipo palibe angadziwe kuti nambala iyi ndi ya yani. Akasankha njira yofulumira yokanikizira zonse patsamba limodzi, zilembo zimachepa mpaka kufanana ndi nyerere. Njira yodalirika ndi kuyamba mwakulitsa malo a patsamba, kenako kuchepetsa mulifupi wa tebulo lenilenilo, ndipo kuchepetsa kukula kwa zilembo kubwere pomalizira, pamene kwatsala pang'ono kuti zikwane.

Titenge chitsanzo chimodzi chomwe tiyende nacho mpaka kumapeto. Mlembi wa gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama ali ndi tebulo la zopereka za mamembala 120. Mizere itatu yoyamba ndi mitu, ndipo mzere wachitatuwo ndiwo uli ndi mayina a makolamu. Kenako pali mizere ya mamembala ndi mzere umodzi wa zonkhetsa kumunsi, kotero kuti mizere yonse ndi 124. Makolamu alipo 19. Kolamu A ndi nambala ya membala, B ndi dzina, C ndi mudzi, D ndi nambala ya foni, E mpaka P ndi miyezi 12, Q ndi zonse pamodzi, R ndi ngongole yotsala, ndipo S ndi ndemanga. Zilembo ndi za mapoyinti 11, monga Excel imayambira.

## Yambani mwayeza

Kuti muone mulifupi wa makolamu m'masentimita, pitani pa `View` ndi kusankha `Page Layout`, kenako dinani kumanja kwa mawusi pa chilembo cha kolamu ndi kusankha `Column Width`. Ngati muyeso ukuoneka m'mainchi, usintheni pa `File`, `Options`, `Advanced`, pa `Ruler units`. Kolamu yomwe sinakhudzidwepo imakhala pafupifupi masentimita 1.7. M'tebulo la mlembi uja, makolamu anayi oyamba akutenga masentimita 15, mwezi uliwonse ukutenga masentimita 3, zomwe zikupereka 36, makolamu Q ndi R akutenga 6, ndipo ndemanga zikutenga 8. Tebulo lonse ndi masentimita 65.

Tsopano yerekezani ndi pepala. Pepala la A4 ndi masentimita 21 mulifupi ndi 29.7 mulitali. Mphepete zomwe Excel imazitcha `Normal` zimadya masentimita 1.78 kumanzere ndi enanso 1.78 kumanja, choncho pepala likaimirira pamatsala masentimita 17.4 okha. Tebulo la masentimita 65 lidzagawika pa masamba asanu chopingasa, tsamba lachisanu lili ndi ndemanga zokhazokha, ndipo popeza mizere ikufuna masamba atatu chotsika, PDF yonse idzakhala ya masamba 15. Mlembi akauza Excel kuti makolamu onse akwane patsamba limodzi loimirira, masamu ake ndi awa:

```
17.4 / 65 = 0.27
11 * 0.27 = 2.97
```

Ndiye kuti tebulo lidzachepetsedwa kufika pa 27 peresenti ndipo zilembo zidzakhala za mapoyinti atatu, zomwe palibe munthu angawerenge papepala. Masamu awiriwa ndiwo akuyenera kutsogolera zosankha zanu zonse: gawani malo a patsamba ndi mulifupi wa tebulo kuti mupeze mlingo wochepetsera, kenako chulukitsani mlingowo ndi kukula kwa zilembo. Kwa ine, malire ndi mapoyinti 8. Pansi pa apo manambala monga 3 ndi 8 kapena 5 ndi 6 amayamba kusokonekera, makamaka tsambalo likajambulidwanso pa makina a fotokope kapena likawerengedwa ndi akuluakulu pa msonkhano. Zilembo za mapoyinti 11 zimafika pa 8 zikachepetsedwa kufika pa 73 peresenti, choncho nambala imeneyi muisunge m'mutu.

## Konzani pepala

Musanakhudze chilichonse, pangani kope la tebulo kuti ntchito yoyambirira isasokonekere. Dinani kumanja pa tabu ya m'munsi, sankhani `Move or Copy`, ndipo chongani `Create a copy`. Zonse zotsatira muzichitire pa kopelo.

Pa `Page Layout` pali mabatani atatu oyandikana. Pa `Size` sankhani `A4`. Musaganize kuti zili kale choncho, chifukwa makompyuta ambiri omwe anakhazikitsidwa ndi makonzedwe a ku America amayambira pa `Letter`, pepala la masentimita 21.6 ndi 27.9, lomwe likagona limakhala lalifupi ndi masentimita pafupifupi 1.8 poyerekeza ndi A4, ndipo malo amenewo ndi a kolamu yathunthu. Pa `Orientation` sankhani `Landscape` kuti pepala ligone. Pa `Margins` sankhani `Narrow`, zomwe zimasiya masentimita 0.64 mbali iliyonse. Tsopano malo a patsamba akwera kuchoka pa 17.4 kufika pa masentimita 28.4. Ngati PDF idzasindikizidwa ndi kuboolewa kuti ilowe m'fayilo ya muofesi, kumbukirani kuti pepala logona limabooledwa kumwamba, ndipo mphepete ya kumwamba ya `Narrow` imakhalabe masentimita 1.91, choncho mabowo sangadye manambala.

Ndi kusintha kumeneku kokha, tebulo la mlembi likufika pa 43 peresenti, ndipo zilembo zake sizikukwana mapoyinti 5. Apa ndi pamene anthu ambiri amaimira n'kunena kuti palibenso chochita, pomwe ntchito yeniyeni isanayambe. Pa masentimita 28.4 ndi mlingo wa 73 peresenti, tebulo lotambalala kwambiri lomwe lingakwane ndi la masentimita pafupifupi 39. Tiyenera kuchotsa masentimita osachepera 26.

## Uzani Excel malire a zosindikiza

Nthawi zina tebulo limaoneka laling'ono koma Excel imalichepetsa modabwitsa, kapena PDF imatuluka ndi masamba opanda kanthu kumapeto. Chifukwa chake chimakhala selo imodzi yakutali yomwe wina analembamo kamasamu kake n'kuiwala, kapena yomwe ili ndi mpata wokha wosaoneka, kapena mizere ya m'mbali yomwe inajambulidwa kupitirira tebulo. Excel imawerengera zonsezo monga gawo la zosindikiza. Dinani `Ctrl+End` ndipo muone pamene mwafika. Ngati tebulo lathera pa S koma mwapezeka pa AF, dziwani kuti pakati pamenepo pali kapena panali chinthu.

Chothetsa vutoli ndi kusankha tebulo lenilenilo, kuyambira A1 mpaka S124, n'kupita pa `Page Layout`, `Print Area`, `Set Print Area`. Sankhani dera limodzi lolumikizana. Mukasankha madera awiri osiyana pogwira `Ctrl`, mwachitsanzo A mpaka C ndi E mpaka R kuti mudumphe manambala a foni, Excel idzaika dera lililonse patsamba lakelake, ndipo mudzakhala mwadzigawira nokha makolamu omwe mumafuna kuwasunga pamodzi. Njira yoyenera yodumphira kolamu ndi kuibisa, monga tionere posachedwa. Dziwaninso kuti dera losindikiza silikula lokha mukawonjezera deta kunja kwake, kotero mwezi wamawa mukalemba mamembala atsopano pansi pa mzere womaliza, muyenera kulikhazikitsanso.

## Chepetsani mulifupi wa tebulo

Funso loyamba ndi lakuti amene adzawerenge PDF akufuna makolamu ati. Mamembala omwe adzalandire lipoti sakufunika manambala a foni a anzawo, ndipo si bwinonso kuwamwaza m'fayilo yomwe idzayende pa mafoni a anthu ambiri. Dinani kumanja pa chilembo D ndi kusankha `Hide`. Kolamu yobisika siilowa mu PDF, koma masamu onse omwe amadalira kolamuyo amagwirabe ntchito, chomwe n'chifukwa chake kubisa kuli kwabwino kuposa kufufuta. Bisaninso S kwa kanthawi. Tidzabwereranso ku ndemanga.

Malo ambiri amatayika m'makolamu a ndalama. M'tebulo lathu selo iliyonse ikuonetsa `MK 25,000.00`, ndipo mzere wa zonkhetsa ukuonetsa `MK 3,000,000.00`, zomwe zachititsa kuti mwezi uliwonse ufune masentimita 3. Chizindikiro cha ndalama chobwerezedwa maulendo 1,440 sichiuza wowerenga chinthu chatsopano, ndipo matambala omwe ali ziro paliponse ndi chimodzimodzi. Sankhani E4 mpaka R124, dinani `Ctrl+1`, sankhani `Number`, ikani `Decimal places` pa 0, ndipo chongani `Use 1000 Separator (,)`. Kenako lembani kamodzi pansi pa mutu wa tebulo kuti ndalama zonse zili mu kwacha. Kusinthaku kumakhudza maonekedwe okha, osati mtengo wosungidwa m'selo. Koma ngati m'tebulo lanu muli matambala enieni, monga pa chiwongoladzanja, wowerenga amene aonkhetse manambala oonekawo pamanja angapeze kusiyana kwa kwacha imodzi kapena ziwiri, ndipo pa nkhani ya ndalama za gulu kusiyana kotereku kumabala mafunso, choncho m'makolamu otero siyani matambala.

Chinthu chachiwiri chomwe chimatambalalitsa makolamu ndi mitu. Kolamu yokhala ndi manambala aafupi koma ya mutu wakuti `Ngongole yotsala pa 31 December` imakula motsatira mutuwo. Sankhani mzere wa mitu ndi kudina `Wrap Text` pa `Home` kuti mawu apindikire m'mizere iwiri kapena itatu, kapena dulani nokha pamene mukufuna podina `Alt+Enter` mkati mwa selo. Mayina a miyezi afupikitseni kukhala zilembo zitatu. Kutembenuza mitu kuti iime chokwera n'kotheka, koma kumavutitsa powerenga, ndipo ndimakuona koyenera pa makolamu opapatiza kwambiri okha, monga a masiku m'kaundula wa obwera kuntchito.

Tsopano chepetsani makolamuwo. Kolamu A ikhale sentimita imodzi, B ikhale 4.5, C ikhale 2.5. Pa miyezi, sankhani E mpaka P pamodzi ndi kuwapatsa mulifupi umodzi kuti tebulo lioneke lolongosoka. Apa pali msampha. Nambala ya `25,000` ikhoza kukwana mu masentimita 1.3, ndipo mukayang'ana mizere ya kumwamba yokha zonse zidzaoneka bwino, koma kumunsi kuli `3,000,000`, ndipo nambala ikapanda kukwana Excel imaonetsa `####` m'malo mwake. Zizindikirozi zimalowa mu PDF momwemo, ndipo kawirikawiri zimakhala pa mzere wa zonkhetsa, womwe ndi umene tcheyamani amayamba kuyang'ana. Choncho mulifupi wa kolamu uzitengera nambala yaitali kwambiri, kuphatikizapo kampata kena ngati zilembozo ndi zonenepa. Masentimita 1.8 akwanira pa miyezi, ndipo 2.2 akwanira pa Q ndi R, momwe muli `36,000,000`.

Tiwerengenso. Makolamu A, B ndi C ndi masentimita 8, miyezi 12 ndi 21.6, Q ndi R ndi 4.4, zonse pamodzi 34. Tikagawa 28.4 ndi 34 tikupeza 83 peresenti, ndipo zilembo zikukhala mapoyinti 9.1, zomwe zimawerengeka popanda vuto. Kodi ndemanga zingabwerere? Tikazipatsa masentimita 4 ndi `Wrap Text`, tebulo likhala masentimita 38, mlingo ukhala 74 peresenti, ndipo zilembo zikhala mapoyinti 8.1. Zikukwana, koma pa malire penipeni, ndipo mizere yokhala ndi ndemanga zazitali idzakula msinkhu n'kuwonjezera masamba. Ngati ndemanga zili pa mamembala ochepa okha, n'kwabwino kuzisiya zobisika ndi kuzilemba m'munsi mwa tebulo pamodzi ndi nambala ya membala, kusiyana ndi kuchepetsa zilembo za anthu 120 chifukwa cha mizere khumi.

## Ikani mlingo: tsamba limodzi chopingasa, masamba ambiri chotsika

Pa `Page Layout`, m'gulu la `Scale to Fit`, ikani `Width` pa `1 page` ndipo siyani `Height` pa `Automatic`. Makonzedwe omwewa amapezeka pa `File`, `Print` ndi dzina lakuti `Fit All Columns on One Page`, komanso m'bokosi la `Page Setup` pa `Fit to`, pomwe mumalemba 1 pa `page(s) wide` ndi kufufuta nambala ya pa `tall` kuti pakhale popanda kanthu. Bokosi la `Scale` lidzatuwa ndipo simungalembemo, komabe limaonetsa mlingo womwe Excel yasankha. Werengani nambala imeneyo nthawi zonse. Ikakhala pafupi ndi yomwe munawerengera, zili bwino. Ikakhala yotsika kwambiri, pali chinthu kunja kwa tebulo chomwe chikuwerengeredwa, kapena pepala silinagone.

Chosankha choyenera kupewa ndi `Fit Sheet on One Page`, chomwe chili pafupi kwambiri ndi chinzakecho. Chimenechi chimakakamiza mizere yonse kukwananso patsamba limodzi. Mizere 124 ya masentimita 0.53 uliwonse ndi masentimita pafupifupi 66, pamene pepala logona lili ndi malo a masentimita 17.2 chotsika, choncho mlingo ukhoza kugwa kufika pa 26 peresenti ngakhale mutakonza makolamu onse bwinobwino, ndipo tebulo lidzakhala kachidutswa kopapatiza pakati pa pepala loyera. Ndi `Height` pa `Automatic`, tsamba lililonse lidzatenga mizere pafupifupi 39 ndipo PDF idzakhala ya masamba anayi m'malo mwa 15.

Dziwani kuti mlingo wa `1 page` umasintha wokha mwakachetechete. Mukawonjezera makolamu mkati mwa dera losindikiza miyezi ikubwerayi, Excel sidzakuchenjezani, idzangochepetsa zilembo. N'chifukwa chake bokosi la `Scale` liyenera kuyang'anidwa nthawi iliyonse musanatulutse PDF yatsopano.

## Mitu ibwerezedwe patsamba lililonse

Tsamba lachiwiri lopanda mitu ndi manambala chabe, ndipo wowerenga sangadziwe ngati kolamu yachisanu ndi chiwiri ndi ya mwezi uti. Pitani pa `Page Layout`, dinani `Print Titles`, ndipo pa `Rows to repeat at top` lembani `$3:$3`, kapena `$1:$3` ngati mukufuna kuti dzina la gulu lizionekanso, ngakhale kuti zimenezo zimadya mizere ina iwiri patsamba lililonse. Musasokoneze izi ndi `Freeze Panes`, yomwe imagwira mitu pa sikirini pokha ndipo ilibe mphamvu pa PDF. Ngati mabokosi a mitu ali otuwa, ndiye kuti mwatsegula `Page Setup` kuchokera pa `File`, `Print`, kapena mwasankha matabu angapo nthawi imodzi. Bwererani ku tebulo, sankhani tabu imodzi, ndipo lowani kudzera pa `Print Titles`.

M'bokosi lomwelo, pa `Header/Footer`, sankhani `Custom Footer` ndi kulemba `Tsamba &[Page] mwa &[Pages]` kuti masamba akasokonekera adziwike dongosolo lake.

## Pamene tebulo silingakwane patsamba limodzi

Tiyerekeze kuti komiti yapempha lipoti la zaka ziwiri, miyezi 24. Makolamu A mpaka C akadali masentimita 8, miyezi ndi 43.2, zonkhetsa ndi 4.4, zonse pamodzi 55.6. Mlingo ukhala 51 peresenti ndipo zilembo zikhala mapoyinti 5.6. Palibenso chobisa kapena chopapatiza. Apa yankho lolondola ndi kugawa tebulo pa masamba awiri chopingasa, koma mugawe inuyo pamalo omveka, osati pamene pepala lathera, ndipo tsamba lililonse likhale ndi mayina a mamembala.

Choyamba, pa `Print Titles`, lembani `$A:$C` pa `Columns to repeat at left`. Makolamu amenewa adzaoneka kumanzere kwa tsamba lililonse, choncho masentimita awo 8 muyenera kuwawerengera pa masamba onse awiri. Tsamba la chaka choyamba lidzakhala 8 kuphatikiza 21.6, zomwe ndi 29.6, pamene la chaka chachiwiri lidzakhala 8 kuphatikiza 21.6 ndi 4.4, zomwe ndi 34. Mlingo umatengera tsamba lotambalala kwambiri, ndiye kuti 83 peresenti monga poyamba. Ngati mudzi sukufunika kubwerezedwa, lembani `$A:$B` ndipo mudzapulumutsa masentimita 2.5 patsamba lachiwiri.

Chachiwiri, bwezerani `Width` ndi `Height` pa `Automatic` ndipo lembani mlingo nokha m'bokosi la `Scale`. Lembani 82 osati 83, kuti pakhale kampata, chifukwa kusiyana kochepa kwa miyeso ya printa kungathe kukankhira kolamu yomaliza patsamba lachitatu. Chifukwa chosagwiritsira ntchito `2 pages` n'chakuti makonzedwe a `Fit to` samvera malire a masamba oika pamanja, ndipo Excel imadzaza tsamba loyamba mpaka pamene lingathere, mwina n'kuikamo miyezi iwiri ya chaka chachiwiri.

Chachitatu, ikani malirewo. Chaka choyamba chili pa E mpaka P ndipo chachiwiri chikuyambira pa Q, choncho dinani chilembo Q kuti musankhe kolamu yonse, kenako `Page Layout`, `Breaks`, `Insert Page Break`. Malire amalowa kumanzere kwa kolamu yomwe mwasankha. Mukasankha selo ya pakati pa tebulo m'malo mwa kolamu yonse, Excel idzaika malire awiri, wina woima ndi wina wopingasa, ndipo tsamba lidzadukanso pa mzere umenewo. Onani zotsatira pa `View`, `Page Break Preview`. Mzere wabuluu wathunthu ndi malire oika inu, pamene wodukaduka ndi oika Excel. Ngati kumanja kwa malire anu kukuoneka mzere wodukaduka woima, ndiye kuti tsamba lachiwiri silinakwane, ndipo muyenera kutsitsa mlingo pang'ono. Mizere imeneyi imakokeka ndi mawusi, koma samalani, chifukwa mukakokera mzere wodukaduka kunja Excel imatsitsa mlingo wa tebulo lonse kuti zikwane, ndipo kukoka kawiri kapena katatu kungakufikitseni pa 50 peresenti musakudziwa. Zikasokonekera, `Breaks`, `Reset All Page Breaks` imachotsa malire onse oika pamanja.

Chachinayi, pa `Sheet` m'bokosi la `Page Setup`, sinthani `Page order` kuchoka pa `Down, then over` kupita pa `Over, then down`. Ndi dongosolo loyambalo, masamba 1 mpaka 4 adzakhala a chaka choyamba ndipo 5 mpaka 8 a chaka chachiwiri, kotero membala wa patsamba loyamba adzapeza zonkhetsa zake patsamba lachisanu. Ndi dongosolo lachiwirilo, zaka zake ziwiri zidzakhala pa masamba 1 ndi 2, oyandikana.

Ena amasankha pepala la A3, la masentimita 29.7 ndi 42, lomwe likagona limapereka malo a masentimita 40.7. Tebulo la masentimita 55.6 limakwanapo pa 73 peresenti, ndipo ngati PDF idzawerengedwa pa kompyuta pokha kapena kusindikizidwa pa A3 yeniyeni, njirayi ndi yabwino. Koma wolandira akaisindikiza pa printa ya A4, tsambalo limachepanso kufika pa 71 peresenti, ndipo zilembo za mapoyinti 8 zimabwerera pa 5.7, pomwe tinathawa paja. Ngati `A3` sikupezeka pa `Size`, chifukwa chake n'chakuti mndandandawo umachokera ku printa yomwe yasankhidwa. Sankhani `Microsoft Print to PDF` pa `File`, `Print` ndipo kukulako kudzaoneka.

## Tulutsani PDF ndi kuiyang'ana

Dinani `Ctrl+P` ndipo dutsani masamba onse pa chithunzi cha kumanja, osati loyamba lokha, uku mukuyang'ana chiwerengero cha masamba m'munsi. Mukayembekezera anayi n'kupeza asanu ndi atatu, pali kolamu yomwe yagwera kunja. Zikakhala bwino, pitani pa `File`, `Save As`, sankhani `PDF` pa mtundu wa fayilo, ndipo dinani `Options`, yomwe m'mitundu ina ya Excel imabisika pansi pa `More options`. Sankhani `Active sheet(s)`, ndipo onetsetsani kuti `Ignore print areas` sinachongedwe, apo ayi dera lomwe munakhazikitsa lija lidzanyalanyazidwa.

Ngati mukufuna `Entire workbook`, dziwani kuti makonzedwe a pepala amasungidwa pa tabu iliyonse payokha, ndipo n'chifukwa chake PDF zina zimakhala ndi tsamba loyamba lokongola koma otsatira omwazikana. Mungasankhe matabu angapo pogwira `Ctrl` ndi kuika kukula kwa pepala, kagonekedwe, mphepete ndi mlingo kamodzi, koma dera losindikiza ndi mitu yobwereza muyenera kuziika pa tabu iliyonse. Mukamaliza, dinani kumanja pa tabu ndi kusankha `Ungroup Sheets`, chifukwa matabu akadali osankhidwa pamodzi chilichonse chomwe mulembe m'selo imodzi chimalowa m'matabu onsewo n'kufufuta zomwe zinalimo.

Tsegulani PDF yomwe yatuluka ndipo ikani kukula kwake pa 100 peresenti, chifukwa mapulogalamu owerengera amakonda kukulitsa tsamba kuti lidzaze sikirini, ndipo zilembo za mapoyinti 5 zimaoneka ngati zabwino. Dinani `Ctrl+F` ndi kufufuza `##` kuti mugwire manambala omwe sanakwane, popeza kolamu yomwe inakwana ndendende pa sikirini nthawi zina imaperewera mu PDF. Yang'anani kolamu yomaliza kumanja, mzere wa zonkhetsa, ndi mayina aatali omwe mwina adulidwa ndi selo yoyandikana nayo. Dzina lodulidwa silipereka chizindikiro chilichonse, choncho mayina aataliwo muwayang'ane ndi maso, ndipo mukapeza lodulidwa ikani `Wrap Text` pa kolamu B m'malo moikulitsa. Ngati lipotilo lidzagawidwa papepala, sindikizani tsamba lomaliza lokha poyamba, mutasankha `Actual size` m'malo mwa `Fit`, ndipo muone ngati printa sinadule manambala a m'mphepete, chifukwa maprinta ena sangathe kulemba pa masentimita 0.64 kuchokera kumapeto kwa pepala. Ikadula, kwezani mphepete za kumanzere ndi kumanja kufika pa sentimita imodzi kudzera pa `Custom Margins`. Malo a patsamba adzakhala masentimita 27.7, ndipo tebulo la masentimita 34 lidzatsika kufika pa 81 peresenti, zilembo zake zili pa mapoyinti 8.9.